Mailo Wadzulo ndi Mailo Wamawa

M'Chinyanja chathu cha mu Lusaka muli liwu limodzi limene landidyera nchito zambiri, ndipo liwulo ndi mailo. Ukanena kuti ndinabwera mailo, ukutanthauza dzulo. Ukanena kuti ndizabwera mailo, ukutanthauza mawa. Agogo anga a ku Katete anali kudandaula kuti ife a m'tauni tinasiya mawu awiri abwinobwino n'kutola limodzi losokoneza. Ine ndinali kuseka, mpaka pamene ndinaona kuti nchito imene ndinaiika pa mailo wamawa yapezeka pa mailo wadzulo ndisanaigwire n'komwe.

Ndimathandiza pa wailesi ina yaing'ono. Sindilandira malipiro a pamwezi, koma ndalama ya basi ikapezeka amatipatsa. Nchito yanga ndi kuyenda m'makomboni ndi foni, kujambula mawu a anthu, kuwadula bwino, n'kupereka kuti aulutsidwe pa pulogalamu ya pa Chisanu madzulo. Masana ena ndimakhala m'kantemba ka akulu anga kuno ku Marapodi. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa pasukulu. Palibe bwana wondiimirira kumbuyo pa zonsezi, ndipo ndi chifukwa chake zinthu zinali kundipulumuka.

Mukumbuka Januwale wa 2024. Kolera inagwira Lusaka mwakuti Heroes Stadium, pafupi ndi ife pompano, inasanduka chipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Pa Mande lina mwezi umenewo ndinapita pa kiyosiki ya madzi kukajambula amai ena odzipereka pa zaumoyo, amene anali kuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu kuthira kolorini m'zigubu ndi kupanga madzi a moyo panyumba ngati mapaketi a ku kiliniki palibe. Anakamba bwino kwambiri, mphindi 22 zathunthu, m'Chinyanja chomveka kwa aliyense. Pa pulogalamu panali kufunika mphindi 4 chabe.

Madzulo a Mande ndinauza ba pulodyusa pa foni kuti nkhani ya kolera yatha. M'mutu mwanga inalidi itatha, chifukwa chovuta, kupeza munthu wovomera kukamba, ndinali nditachita. Chotsala chinali kudula chabe, ndipo ndinati ndizadula mailo. Pa Chiwiri kunagwa mvula, madzi analowa m'kantemba, tinatha tsiku tikukweza makatoni. Mailo. Pa Chitatu mwana anadandaula m'mimba, ndipo masiku amenewo kudandaula m'mimba sikunali kwa masewera, tinathamangira ku kiliniki. Sinali kolera, koma tsiku linapita. Pa Chinayi sindikumbuka n'komwe chimene chinandigwira.

Pa Chisanu kuma 16 ndinakhala pansi ku siteshoni, ndinavala mahedifoni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera zimene ndinajambula. Pa mphindi ya 9, pomwe amai aja anayamba kufotokoza muyeso wa madzi a moyo, chigayo cha pafupi ndi kiyosiki chinalira. Lita imodzi ya madzi oyera inamveka. Masupuni aang'ono 6 a shuga anamveka mwa apo ndi apo. Theka la supuni yaing'ono ya mchere linamira lonse m'phokoso. Munthu womvera kunyumba akanatha kumva shuga n'kuganizira yekha mchere, ndipo mchere ukachuluka m'madzi amenewa umavulaza mwana m'malo momuthandiza. Ba pulodyusa anamvetsera kawiri, anavula mahedifoni, n'kunena kuti ichi sichipita pa mphepo. Pamalo pake anaika nyimbo ziwiri ndi zilengezo.

Pa Chiwelu m'mawa ndinapita kukatunga madzi, ndipo amai aja anali pomwepo. Anali atauza mzere wawo wonse wa nyumba kuti amvetsere. Sanakalipe. Anangoti, "Ba wailesi, tenze tamvelela mpaka nyuzi. Kapena ninakamba voipa?" Ndikanakonda akanandinyoza.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chigayo chija sichinali vuto lalikulu. Ndikanamvetsera pa Mande usiku, mphindi 22 zokha, ndikanabwerera pa Chiwiri m'mawa chigayo chisanatsegulidwe n'kujambulanso kachigawo ka mphindi imodzi. Vuto linali liwu lakuti yatha. Nditangolinena, nkhaniyo inachoka pa zinthu zofunika kuziyang'ana.

Ba pulodyusa, bambo wachikulire amene wakhala pa mawailesi kuyambira nthawi ya matepi, sanandipatse ulaliki. Anati, "Mufana wanga, usazinuza ati chasila. Uziniuza kwamene chafika." Funso langa loyamba la madzulo linachokera pamenepo, ndipo ena atatu anabwera m'mbuyo mwake pang'onopang'ono, lililonse pambuyo pa kupsa kwake.

Ndimachita zimenezi kuma 20, nsima itadyedwa, mbaula isanazime. Ndimagwiritsa nchito buku la sukulu la mizere ndi bolopeni. Foni ndinaiyesa, koma ukaitsegula kuti ulembe, WhatsApp imakupatsa moni, ndipo pozindikira theka la ola lapita ndi batire yomwe. Zonse zimatenga mphindi 10. Zikapitirira pamenepo ndimadziwa kuti ndasiya kuwerengera nchito, ndayamba kudziweruza.

Funso loyamba ndi ili: chatha n'chiyani lero, ndipo chili m'manja mwa ndani? Mbali yachiwiriyo ndiyo ili ndi mano. Nchito iliyonse ili ndi munthu kapena malo kumene imathera. Mawu ojambula amathera m'kompyuta ya ku siteshoni, ba pulodyusa atayankha kuti alandira ndipo amveka. Ndalama ya chilimba imathera pa meseji yosonyeza kuti yalowa kwa amene akulandira mwezi uno, osati pamene ndaiika padera m'thumba la jekete. Yunifomu imatha ikauma n'kusitidwa, osati itanyikidwa m'beseni. Ngati sindingathe kutchula dzanja limene chinthucho chafikamo, sindichonga, ngakhale nditatuluka nacho thukuta tsiku lonse. Poyamba zinali kundipweteka, chifukwa masiku ena ndinali kubwera wotopa ngati bulu koma chochonga n'kukhala chimodzi. Ndiye ndinayamba kudula nchito zazikulu m'zigawo zimene chilichonse chili ndi mapeto ake. Nkhani ya pa wailesi tsopano ndimailemba mizere inayi: kujambula, kumvetsera yonse ndi kulemba mphindi zofunika, kudula, kutumiza. Kujambula kumachongedwa pa Mande, ndipo maso amaona okha kuti mizere itatu ikali yoyera.

Lachiwiri limapita pa zimene sizinachongedwe: chaima pati, ndipo chachiimitsa n'chiyani? Sindifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndine waulesi. Funso limenelo lilibe yankho limene ungagwire nalo nchito m'mawa. Nditayang'ana masamba a miyezi ingapo ndinaona kuti zoimitsa zanga sizichuluka mitundu. Nthawi zina ndikuyembekezera munthu. Nthawi zina chikusowa ndi chinthu, malaiti, bando, ndalama ya basi. Nthawi zina ndinalemba nchito yaikulu kwambiri mwakuti sindidziwa pogwira. Ndipo nthawi zina palibe chimene chikusowa, ndikungoiopa. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Woyembekezeredwa amafunika kumutumira foni. Chosowa malaiti chimafunika kuikidwa pa ola la malaiti. Chachikulu chimafunika mpeni. Choopedwa ndichikamba kutsogoloku, chifukwa ndicho chimabisala bwino kuposa zonse, chimavala malaya a zinzake zitatuzo.

Lachitatu ndilo la mailo weniweni: chikupita mawa n'chiti, ndiyambira pati, nthawi yanji? Kale ndinali kungojambula muvi pambali pa nchito, kutanthauza kuti yasamuka. Muvi ndi wotchipa, sutopetsa dzanja. Manje nchito siloledwa kuwoloka tsamba popanda zinthu ziwiri, chochita choyamba chimene ndingachione ndi maso, ndi ola kapena chochitika chimene chizandiyambitsa. Kulemba kuti kukonza nkhani ya owotcherera sikuwoloka. Kulemba kuti malaiti akabwera, tsegula Audacity, dula kuyambira mphindi ya 3 mpaka ya 7, kumawoloka. Ndipo zowoloka sizipitirira zitatu. Tsiku la mawa silibwera lopanda kanthu, lili kale ndi madzi otunga, kantemba, minibasi imene imaima pa siteji kudikira kudzaza. Ndikaikapo zisanu ndi ziwiri ndimakhala ndanama kale ndisanagone.

Pano ndiikepo zimene ndinawerenga, chifukwa zinandithandiza kusintha dongosolo la mafunsowa. Mu 2011 akatswiri awiri a za maganizo ku America, Masicampo ndi Baumeister, anaonetsa kuti nchito yosatha imalowerera m'maganizo munthu akamachita zina, koma akalemba pulani yeniyeni ya mmene azaichitira, kulowerera kuja kumachepa ngakhale nchitoyo isanagwiridwe. Mu 2018 Michael Scullin ndi anzake pa yunivesite ya Baylor anagoneka achinyamata 57 m'chipinda chopimira tulo. Ena anawauza kuti alembe kwa mphindi 5 zimene ayenera kuchita masiku akubwera, ena zimene anamaliza kale. Olemba zamawa anagona msanga, kusiyana kwake pafupifupi mphindi 9, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anagona msanga koposa. Anthu 57 usiku umodzi si ambiri, ndipo sanali kugona m'chipinda chimene bawa ya kuseri ikuliza nyimbo mpaka 02. Koma ndinatengapo kanthu kamodzi. Ndimayamba ndi zimene zatha, n'kumalizira ndi zamawa, kuti chomaliza kuona ndisanatseke buku chikhale chochita chokhala ndi ola lake, osati mlandu.

Lachinayi ndi lalifupi, ndipo ndi la amai a pa kiyosiki: ndani akuyembekezera chinthu kwa ine amene ayenera kumva lero kuti chachedwa? Nchito ikasamuka, sikuti imasamuka m'buku langa mokha. Pali wina amene wakonza tsiku lake poganiza kuti ndamaliza. Meseji ya mizere iwiri usiku imamupatsa mpata wokonza zina. Ndikanauza ba pulodyusa pa Chitatu kuti sindinamvetsere n'komwe, akanatuma mnzanga kuti adule, ndipo chigayo chikanadziwika masiku awiri pulogalamu isanafike.

Lekani ndikuonetseni usiku umodzi mmene unayendera, chifukwa mafunso pawokha amaoneka osavuta. Unali Seputembala wa 2024, pa Chitatu. Chilala chinali chitaumitsa Kariba, ndipo malaiti, amene anayamba kupita maola 8 pa tsiku mu Malichi, tsopano anali kupita maola 17 ndi kupitirira. Kwathu anali kubwera pakati pa usiku, nthawi zina maola atatu chabe. Tsamba la tsikulo linali ndi mizere isanu ndi umodzi. Kutumiza K100 ya chilimba. Kukaoda shuga ndi sopo za kantemba m'tauni. Kudula mawu a anyamata owotcherera mageti ku Mandevu, amene anali atayamba kugona pa shopu kuti malaiti akabwera ayambe nchito. Kupeza munthu wa ku ofesi ina kuti ayankhe madandaulo a madzi. Kusoketsa nsapato ya mwana. Ndi mzere womaliza, kalata ya nchito.

Chatha n'chiyani, chili m'manja mwa ndani? Chilimba chinalowa, meseji ilipo, chonga. Shuga ndi sopo zili pa shelefu, akulu anga anawerenga, chonga. Nsapato ndinaisiya kwa osoka, ndipo dzanja linafuna kuchonga, koma nsapato imathera kuphazi la mwana. Sindinachonge. Ndinalemba pambali kuti ili kwa osoka, K15, kutenga pobwera ku madzi.

Chaima pati? Mawu a owotcherera ndinali nditamvetsera onse pa foni masana, mphindi 18, ndipo ndinalemba kale zigawo zitatu zabwino ndi mphindi zake. Phunziro la chigayo limenelo: kumvetsera sikufuna malaiti, ndiye sikudikira. Chotsala chinali kudula pa laputopu, imene batire yake imagwira mphindi 40 basi, pamene kudula, kulinganiza mphamvu ya mawu ndi kutulutsa fayilo ya MP3 kumanditengera ola ndi theka. Choimitsa apa chinali chinthu, osati ine. Munthu wa ku ofesi ndinamutumira kawiri, sanayankhe. Choimitsa chinali munthu, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kawiri konse ndinatuma kuma 13, nthawi ya chakudya.

Chikupita mawa n'chiti? Pa owotcherera sindikanatha kulemba ola, chifukwa ola la malaiti silinali m'manja mwanga. Ndinalemba chochitika m'malo mwa ola: babu ikayaka, dzuka, laputopu pa chaja, dula zigawo zitatu. Ndipo popeza mailo ameneyu anali kuyamba usiku womwewo, panali zokonzeratu ndisanagone. Ndinasiya swichi ya babu ya kuchipinda ili yoyatsa kuti kuwala kundidzutse, monga mmene theka la Marapodi linali kuchitira. Ndinasamutsa fayilo kuchoka pa foni kupita pa laputopu ndi batire yotsalayo, kuti maola a malaiti asathere pa kufunafuna kebo. Ndinalembanso njira yachiwiri: malaiti akapanda kubwera, kuma 07 ndili pa basi kupita ku siteshoni kukadulira kumeneko, ndipo ndalama ya basi ndinaipatula n'kuiika m'buku momwemo. Nchito yodalira chinthu chimene suchilamulira imafunika mizere iwiri, apo ayi mawa uzalembanso muvi n'kunena kuti si mlandu wako. Pa wa ku ofesi ndinalemba 08:30, ndipo akapanda kuyankha pofika 10, pulogalamu ipita ndi mawu a anthu okha, tizanena kuti tinayesa kuwapeza.

Ndani ayenera kumva? Ba pulodyusa. Ndinalemba meseji: owotcherera muzalandira mailo isanakwane 12, wa ku ofesi sanayankhe, konzani ngati kuti sazapezeka. Anayankha ndi liwu limodzi, ndipo ndinadziwa kuti agona bwino.

Tsopano mzere womaliza uja. Nchito ikawoloka tsamba ndimaiika kadontho pambali, ikawolokanso kachiwiri. Lamulo langa n'lakuti ya madontho atatu siwolokanso mwa masiku onse. Iyenera kuchitidwa koyambirira m'mawa, kapena kupatsidwa kwa wina, kapena kufufutidwa poyera, n'kuuza amene akukhudzidwa kuti sindichita. Kufufuta si manyazi. Ndafufutapo zambiri, monga pulogalamu ya masewera a ana imene ndinalonjeza mnzanga ndili wokondwa pa ukwati, ndipo tonse tinapuma bwino nditamuuza zoona. Kalata ya nchito usiku umenewo inali ndi madontho asanu. Lamulo langa lomwe ndinali nditaliphwanya kawiri, mwakachetechete, ngati munthu wodumpha mpanda wa nyumba yake.

Bungwe lina linali kufuna munthu wa zofalitsa nkhani, nchito ya malipiro, ndipo tsiku lotseka linali Chisanu chomwecho. Ndinabwerera m'masamba kuona zimene ndinalemba pa funso lachiwiri masiku asanu aja. Tsiku loyamba, malaiti. Lachiwiri, malaiti. Lachitatu, bando. Lachinayi, kudikira mnzanga anditumire chitsanzo. Lachisanu, malaiti. Koma masiku omwewo ndinali nditadula nkhani ziwiri pa laputopu yomweyo ndi malaiti omwewo. Umu ndi mmene choopedwa chimadziwikira: chifukwa chake chimasinthasintha, kapena chifukwacho chimaimitsa nchito imodzi yokha n'kulekerera zinzake kudutsa. Chosowa malaiti chenicheni chimachitika malaiti akangobwera. Ichi malaiti anabwera kasanu, sichinasunthe.

Chimene ndinali kuopa ndinachidziwa nditangosiya kunamizira malaiti. Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndipo ndinali kuganiza za anthu a madigiri amene makalata awo azakhala pa mulu umodzi ndi yanga. Ndinali kuopanso mzere wa zaka, pamene uyenera kufotokoza kuti kuyambira pamene unamaliza koleji wakhala ukugwira nchito yosalipidwa ndi kugulitsa sopo. Buku silichotsa mantha amenewo. Chimene linachita n'kundikakamiza kusankha pakati pa zitatu zija. Kupatsa wina sikukanatheka. Ndinagwira bolopeni kuti ndifufute, ndipo dzanja linakana. Ndiye inatsala njira imodzi.

Ndinaidula mpaka inafika poti singaopsenso. Kalata ya nchito inasanduka mizere itatu. Usiku womwewo, pa tochi, kulemba ndi dzanja mayina a mapulogalamu khumi amene ndinapanga, kuyambira ndi ya kolera, imene tinaijambulanso sabata yotsatira m'nyumba mwa amai aja zitseko zili zotseka, n'kuulutsidwa mochedwa ndi masiku asanu ndi awiri. Pa Chinayi kuma 14, fotokope ya NRC ndi satifiketi, ndi kutaipitsa kalata pa shopu ya m'tauni imene ili ndi jenereta. Pa Chisanu m'mawa, kukapereka ndi manja. Mzere woyamba ndinauchita pomwepo, unatenga mphindi 15, ndipo nditaona mapulogalamu khumi ali pa pepala, mzere wa zaka uja sunaonekenso wopanda kanthu monga ndinali kuuonera m'mutu.

Mukaona bwino, za mawa zinapitirira zitatu usiku umenewo: owotcherera, wa ku ofesi, fotokope, nsapato. Nsapato ndinapempha akulu anga kuti atenge, popeza osoka ali pafupi ndi kantemba. Inachoka pa tsamba langa n'kupita pa funso lachinayi la tsiku lotsatira, kuti ndifunse ngati yafika.

Ndisakunamizeni kuti buku limeneli ndimalitsegula usiku uliwonse. Muli masamba oyera, sabata yathunthu nthawi ya maliro a amalume, ndi masiku ena amene ndinangofika n'kugwa pa bedi. Ndinaphunzira kusabweza masiku odumphidwa. Ukayesa kulemba za masiku anayi usiku umodzi umangopeka, ndipo umadana nalo bukulo. Ndimayambira pa tsiku limene ndili. Tsiku likakhala loipa kwambiri ndimafunsa lachinayi lokha, chifukwa ndilo limateteza anthu ena. Ndipo pali zimene mafunsowa sangachite. Sabweretsa ndalama ya lendi. Mzere wakuti landilodi ukhoza kukhala ndi chochita choyamba ndi ola lake, koma ngati ndalama palibe, chimene ungalembe moona ndi kupita kukakamba nawo pa 28 m'malo mobisala mpaka pa 5. Mnzanga wina wa ku Chaisa anayesa njira imeneyi n'kuisiya, akuti inali kumuonjezera nkhawa, chifukwa anali kuichita atagona kale pa bedi ndipo anali kulemba mizere khumi ndi isanu. Ndinamuuza za malire a zitatu ndi za mbaula, koma sanabwererenso, ndipo sindimuimba mlandu. Iye amagwira nchito ya pa shifiti imene imathera pa geti. Mafunsowa amathandiza kwambiri ife amene nchito zathu ndi zidutswa, za anthu osiyanasiyana, zopanda belu lowerukira.

Malaiti anabwera 01:20 usiku uja. Babu inandimenya m'maso, ndinamva mageti akulira m'komboni, wina wayatsa wailesi, wina pampu. Ndinadula zigawo zitatu za owotcherera, ndipo 02:55 fayilo inali itatuluka. Ndinaimvetsera yonse kuyambira poyamba mpaka pothera ndisanatseke laputopu. Wa ku ofesi anayankha 08:30 pa kulira kwachiwiri, anakamba mphindi zitatu. Kalata ndinaipereka pa Chisanu 10:40, mlonda anandilembetsa dzina m'buku la pa geti, ndipo mayi wa pa resepishoni anaiika pa mulu umene unali wautali kuposa mmene ndinali kuopera. Madzulo ndinalemba kuti ili m'manja mwa a pa resepishoni, ndinachonga pambali pa madontho asanu aja.

Sanandiitane. Pepala la mapulogalamu khumi lija likali m'buku, ndipo manje afika khumi ndi asanu ndi anayi.